Lachisanu la Glenys Marfleet

Glenys Marfleet analowa m'saluni ya Mayi Blanshard m'tauni ya Louth ali mtsikana wongosiya kumene sukulu, ndipo mpaka lero sanatulukemo. Anayamba ndi tsache. Patapita chaka anamulola kutsuka tsitsi, kenako kupinda pa marola, timachubu tokulungirapo tsitsi, sizasi n'kudzamupatsa pomalizira penipeni. Anakwatiwa ndi Alwyn, woyendetsa lole ya mbatata. Anabereka ana awiri, anawo anakula n'kupita kukakhala kumizinda. Iye anatsala pa mpando womwewo wa pafupi ndi zenera. Mitsempha ya m'miyendo inatupa chifukwa choimirira, zikhadabo zinada ndi dayi. Zimenezo sankazitchula. Munthu akamufunsa za moyo, ankangoti akadali chiimire.

Ntchito ankaidziwa, ndipo ankadziwa kuti akuidziwa. Mtsikana akabwera ndi chithunzi pafoni kuti akufuna tsitsi lotere, Glenys ankayang'ana chithunzicho, n'kuyang'ana mutuwo, n'kunena kuti, "Lako silingatero." Ena ankapsa mtima n'kupita kwina. Ambiri ankabweranso, chifukwa kwinako ankawauza kuti lingatero.

Tsiku lake linali Lachisanu. Ndilo tsiku limene ankabwera amayi a penshoni, aliyense pa ola lake lomwe silinasinthe kwa zaka zambiri. Ntchito yawo inali imodzimodzi: kutsuka, kupinda pa marola, kukhala pansi pa dilaya youmitsa tsitsi ndi kapu ya tiyi, kenako kupesa ndi kuwaza supuleyi mpaka mutu ulimbe moti mphepo isausunthe. Mutu wotero umatha sabata yathunthu. Amagona nawo mosamala, amalowa nawo m'tchalitchi Lamlungu, madzi saukhudza mpaka Lachisanu linalo. Mtengo wake unali wotsika kuposa ntchito ina iliyonse m'saluniyo, ndipo Glenys ndiye yekha amene ankaigwirabe. Atsikana a masiku ano marola amangowaona m'kabati.

Mayi Blanshard atamwalira, saluni inatsala m'manja mwa mwana wawo Petra. Petra ameneyu Glenys anamulera theka. Ankabwera kuchokera kusukulu n'kukhala pansi pa kauntala kudya mabisiketi a makasitomala. Tsopano anali mayi wa ana ake, wometa bwino, ndiponso wosaopa masamu.

Khirisimasi itadutsa, Petra anamuitanira kuchipinda chakumbuyo kumene amachapira matawulo. Anamupatsa tiyi asanapemphe. Glenys anadziwa kuti pali nkhani.

"Anti, lendi yakwera. Magetsi mwaona nokha."

"Kweza mitengo."

"Ndinakweza chaka chathachi. Ndikakwezanso athawa. Mipando ndi yodzaza kale, tsiku silingatalike. Njira yatsala imodzi. Munthu aliyense wolowa pakhomo paja azisiya zochulukirapo pang'ono kuposa zomwe amasiya pano."

"Tizimusecha m'chikwama?"

"Tizimugulitsa zosamalira tsitsi kunyumba. Shelefu ija ili apo chikhalire, mabotolo achita fumbi. Botolo silidya nthawi ya pampando, Anti. Pafupifupi theka la mtengo wake limatsala kuno, ndipo inu mumadyapo kakomishoni kanu. Atsikanawa akugulitsa. Inu chaka chonse mwagulitsa mabotolo angati?"

"Ine ndine wometa. Ndikanafuna uvenda bwenzi ndili ndi benchi pamsika, pafupi ndi a tchizi aja."

Petra sanaseke. Anati ndalama za tsiku akamazigawa ndi chiwerengero cha anthu olowa, Lachisanu la Glenys ndilo linali pansi pa masiku onse. Anthu odzaza, madilaya onse akulira, ndalama zochepa. Ndipo panali mayi wina wa ku Grimsby, wometa wodziimira payekha, amene ankafuna kubwereka mpando tsiku Lachisanu n'kumalipira lendi, kaya iye wapeza anthu kaya ayi.

"Mpando uti?"

"Wa pazenera ndi umene waukonda."

"Ali ndi maso."

"Sindikufuna kumupatsa. Koma ikafika Pasaka zinthu zili chonchi, ndimupatsa. Inu mutsala ndi masiku atatu."

"Nanga amayi anga?"

"Ena tiwasunthira Lachitatu. Ena ndiye kaya."

Glenys anamwa tiyi wake mpaka kumaliza. Ankawadziwa amayiwo. Kuwasuntha tsiku kunali kuwataya, chifukwa Lachitatu wina amapita kuchipatala, wina basi ya kumudzi kwawo sibwera.

"Chabwino. Ndigulitsa."

"Ndiye mundimvere kaye. Musamadikire pa kauntala. Munthu akavala chikhothi, khadi yolipirira ili m'manja, maganizo ali kale pa basi. Yambirani pa beseni. Muuzeni chomwe mukumutsukira ndi chifukwa chake. Pagalasi muonetseni muyezo wake, botolo mumugwiritse m'manja. Chinthu chimodzi, mwina ziwiri, osapitirira. Koma poyamba penipeni mufunseni zomwe amachita ndi tsitsi lake kunyumba."

"Ndifunse chiyani? Mitu imeneyi ndinayamba kuigwira iwe usanamere mano."

"Ndangonena."

"Wanena, ndamva. Tawulo zako zauma, zipinde."

Aliyense m'saluniyo ankayembekezera kuti Glenys alephera. Sanalephere. Atsikana aja ankagulitsa mozungulira, kumwetulira, kupepesa, kunena kuti mwina tsiku lina mungafune kuyesako. Glenys analibe zimenezo. Woyamba anali mphunzitsi wina, Bryony Maddison, amene ankapaka dayi yofiira ndipo nthawi zonse ankabwera itasuluka, akudandaula.

"Yasulukanso," anatero Bryony atagoneka mutu pa beseni. "Ndayamba kuganiza kuti mumaisungunula ndi madzi."

"Tsitsi lako likununkha shampu ya mfundu. Ndi ya mwamuna wako?"

"Ndi imene imakhala m'bafa."

"Imeneyo imakokolola dayi. Uwonjezepo madzi athu a choko a kuno, ndiye ukufuna itsale yotani? Ukulipira ndalama zonsezi kuno n'kukazitsukira m'ngalande. Iyi ndikukutsukirayi ndi ya tsitsi la dayi. Pang'ono chabe, ngati kakobidi. Madzi ofunda, osati owira."

Atamaliza kuumitsa anatenga botolo latsopano pa shelefu n'kumuika m'manja.

"Ndi zingati?"

"Mapaundi 16. Likufikitsa mpaka ubwerenso kawiri."

Bryony anagula. Atabweranso, tsitsi linali lofiirabe, ndipo anagula china chofewetsera popanda kuuzidwa.

Apo Glenys anazindikira kuti anthu amamumvera ngati dokotala. Zaka zonsezi anali asanawanamizepo, ndiye akati tengani ichi, ankatenga. Zinamukomera. Shelefu inayamba kuchepa, Petra anaitanitsa makatoni ena. Madzulo kunyumba Alwyn ankabisa kachikwama kake ka ndalama pansi pa mbale mwadala.

"Ine dazi langali, mayi, musaliyang'ane choncho. Palibe chogulitsa apa."

"Pali mafuta a dzuwa. Dikira chilimwe."

Koma Lachisanu ndilo linali pa mlandu, ndipo Lachisanu kunalibe anthu a dayi. Kunali amayi a marola. Glenys anaganiza mwachidule. Botolo silivunda. Likakhala m'bafa silipweteka munthu, ndipo tsiku lina mwini wake akadzadwala kapena kupita kwa ana, lidzamuthandiza. Anayamba ndi Mayi Cawkwell.

Mayi Audrey Cawkwell anali atadutsa zaka makumi asanu ndi atatu. Kale ankaphikira ana pasukulu, ndipo theka la tauni linadyapo mbatata zawo zokanya. Anali amasiye, aafupi, a pakamwa pakuthwa. Ankabwera m'mawa, chikwama chili pamiyendo, ndipo pochoka ankamufinyira Glenys kandalama m'dzanja ngati akumupatsa chinsinsi.

Tsikulo Glenys atamaliza kupesa anawaika botolo m'manja.

"Ichi n'chiyani? Ndawina?"

"Shampu. Yomwe ndakutsukirani lero. Ndi ya imvi, siumitsa tsitsi."

"Ndikatani nayo?"

"Shampu amatani nayo? Muzikatsukira kunyumba."

Mayi Cawkwell anayang'ana botolo, anayang'ana Glenys pagalasi.

"Kunyumba."

"Eya."

"Watero iweyo."

"Ndatero."

Analipira. Kandalama kaja anamufinyirabe. Glenys anawaveka chikhothi, n'kuitana wotsatira. Pofika madzulo anali atagulitsa kwa amayi ambiri a tsikulo, ndipo Lachisanu lotsatira anamaliza otsalawo. Petra anaona ndalama zakwera, anamugulira keke ya zipatso. Sanafunse kuti mabotolowo apita kwa yani. Kumeneko kunali kulakwa kwake iyeyo.

Mipata inayamba mwakachetechete. Mayi Odling anaimba foni kuti sabata ino adumpha. Wina anati abwera sabata ya mawa. Glenys anati ndi chisanu, okalamba saufuna msewu woterera. Kenako anati ndi chimfine. Koma chisanu chinatha, maluwa achikasu anayamba kutuluka m'mbali mwa misewu, mipata inakulirakulira. Amene ankabwera sabata iliyonse anayamba kubwera modumphitsa. Akabwera, tsitsi linali loyera koma logona, lopanda mapindidwe. Glenys ankaliona. Ankalipinda osafunsa. Mayi Cawkwell anadumpha kamodzi, anabwera, kenako anangosowa, foni osaimba.

Lachisanu lina m'mawa Glenys anapezeka atakhala pa mpando wake womwe, akupukuta zipeso zoyera kale. Petra anabwera n'kuima kumbuyo kwake. Analankhulana kudzera pagalasi.

"Anti, pa mutu umodzi, chiwerengero chanu chakwera kuposa cha aliyense."

"Ndiye ukufunanso chiyani?"

"Koma ndalama za tsiku zatsika. Chiwerengerocho chinakwera ndi mabotolo, mitu ndiyo yachepa. Munawagulitsa chiyani amayi aja?"

"Shampu."

"Amayi a marola?"

"Eya."

Petra anatseka maso pang'ono.

"Munawagulitsa chinthu chomwe amabwerera kuno."

"Ndinkati chikangokhala m'bafa."

"Mayi Cawkwell? Amene amasita mapepala okulungira mphatso kuti adzagwirenso ntchito? Agule chinthu cha mapaundi 16 n'kuchisiya chikhale?"

Glenys anaika chipeso pansi.  Botolo limodzi linali lofanana mtengo ndi ulendo umodzi wa marola. Analandira ndalama ya sabata imodzi n'kutaya ya masabata ambiri.

"Pasaka yayandikira," anatero Petra. "Mayi wa ku Grimsby uja waimbanso."

"Muuze adikire. Ola lino ndi la Mayi Cawkwell. Ndikukawagwirira ntchito."

Anavala chikhothi pamwamba pa epuloni n'kutuluka.

Nyumba ya Mayi Cawkwell inali mumzere wa nyumba za njerwa kuseri kwa tchalitchi. Anachedwa kutsegula. Atatsegula anali atamanga kampango kumutu, m'nyumba momwe.

"Wabwera kudzandigulitsa chiyaninso? Chitsulo chowongolera?"

"Ndabwera kudzaona ngati mwafa. Simunaimbe."

"Ndikanafa ukanamva. Lowa, ukulowetsa mphepo."

Anakhala kukhitchini. Botolo lija linali pawindo pamwamba pa sinki, pafupi ndi sopo wa mbale, litatsika ndithu. Mayi Cawkwell anathira madzi m'ketulo ndi dzanja lamanzere. Lamanja analigwirizitsa kumimba.

"Phewalo latani?"

"Lakalamba."

"Chotsani mpango."

"Uli m'nyumba mwanga, Glenys Marfleet."

"Ndikudziwa. Chotsani."

Anachotsa. Tsitsi linali loyera, lofewa, litagona pamutu ngati la mwanapiye wonyowa. Kumbuyo linali lolukanalukana pomwe dzanja silinkafika. Khungu la mutu linkaonekera.

"Mumatsukira pati?"

"Pa sinkipo. M'bafa ndikaweramira sindingadzukenso. Ndimathira ndi jagi. Shampu yako ndi yabwino, sindikunama, koma marola sindingathe, mkono sukwera. Kutchalitchi ndasiya kupita. Ndilowe ndi mutu uwu, a Odling andione?"

"Bwanji osabwera ndidzakupindeni?"

"Ndinabwera kamodzi, sunanene kanthu. Ndinati basi, ndi momwe akufunira."

"Ndikufuna chiyani?"

Mayi Cawkwell anakhala pansi n'kumuyang'ana m'maso.

"Tamvera. Mutu uwu ndinasiya kuutsuka ndekha mwana wanga womaliza ali pa thewera. Anayamba ndi Mayi Blanshard, kenako iwe. Ndiye tsiku lina ukundipatsa botolo, ukuti muzikatsukira kunyumba. Ndimve chiyani? Tonse tikudziwa kuti ndife otchipa. Timakhala ola lathunthu pansi pa dilaya, timamwa tiyi wanu, timasiya tindalama tochepa. Ndinati mwana wa Blanshard watopa nafe, ndipo watuma iwe kuti utiuze mwaulemu."

"Ine ndinayamba ndakuuzanipo chinthu mwaulemu?"

"Ayi. N'chifukwa chake ndinadabwa."

Glenys anaseka pang'ono, mosafuna. Kenako anawauza zonse mmene zinalili: lendi, mayi wa ku Grimsby, mpando wa pazenera, Pasaka. Sanakometse.

"Ndiye unkafuna kutisunga potithamangitsa."

"Ndi zomwe ndachita."

"Ndiwe chitsiru."

"Pa ichi, eya. Tsopano ndiuzeni. Ndikakupindani Lachisanu, chimavuta n'chiyani pakati pa sabata?"

"Ukundifunsa ine?"

"Ndikufunsa."

Mayi Cawkwell anaganiza. Anati mpaka Lolemba mutu umakhala bwino. Lachiwiri mbali yomwe amagonera imaphwatalala. Pofika Lachitatu kutsogolo kumachita mafuta, ndipo Lachinayi sapita kulikonse, amadikira Lachisanu. Supuleyi amagula ya m'sitolo yotchipa, imene imauma ngati guluu n'kumayoyoka toyera pa mapewa.

"Ndinkatiwona toyerato pa beseni," anatero Glenys. "Ndinkati ndi ukalamba."

"Chilichonse mumati ndi ukalamba."

Glenys anaimirira, anatenga botolo pawindo n'kuliika m'thumba la chikhothi.

"Limenelo ndinalipira."

"Mukasintha ndi zina. Valani nsapato. Ola lanu silinathe."

Anayenda pang'onopang'ono mpaka kusaluni, Mayi Cawkwell atamanganso mpango. Petra anawaona pakhomo. Anawalandira chikhothi n'kukatenthetsa madzi a tiyi.

"Iwe," anatero Mayi Cawkwell akuloza Petra, "ndinkakupatsa mbatata zowonjezera kusukulu. Ukufuna kupereka mpando wanga kwa munthu wa ku Grimsby?"

"Sindikufuna, mayi. Ndikufuna magetsi a dilaya alipiridwe."

"Ndiye uzinena. Tili ndi makutu."

Glenys anawatsuka, anamasula zolukana zija ndi zala, anapinda. Atatuluka pansi pa dilaya n'kupesedwa, anawaikira zinthu ziwiri patsogolo pa galasi. Choyamba chinali neti yopyapyala yogona nayo, kuti mapindidwe asaphwanyike pa pilo. Chachiwiri chinali supuleyi yopepuka, imene imachoka ndi bulashi osasiya toyera. Anawagwiritsa kachitini m'dzanja lamanzere kuti aone ngati chala chingathe kukanikiza. Chinatha.

"Patali chonchi, osati pafupi. Kawiri basi. Musapope ngati mukupha ntchentche."

"Nanga za mafuta a Lachitatu zija?"

"Ilipo ina ya ufa, yowaza pamizu, yosafuna madzi. Imeneyo mudzatenga ulendo wina mukaona kuti izi zagwira. Lero ziwiri zakwana."

"Ukuopa kuti ndikutukwananso."

"Ndikuopa kuti musokoneza zitini, muwaze ufa pa keke."

Botolo lotsegula siligulitsidwanso. Petra anavomera kusinthako, koma anachotsa komishoni ya Glenys pa botolo lililonse lobwerera, ndipo mabotolo obwererawo anawaika pa beseni kuti azitsukira m'saluni momwemo. Glenys sanadandaule. Akanakhala iye akanachita chimodzimodzi.

Masana amenewo, ndi masiku otsatira, anaimbira amayi ake mmodzimmodzi. Sanapepese motalika. Ankati, "Ndinakugulitsani chinthu cholakwika. Bweretsani." Zifukwa zawo zinali zosiyana. Ena anamva ngati Mayi Cawkwell, kuti akuthamangitsidwa. Ena sanamve chilichonse, ankangofuna botolo lithe poti analipira, ndipo ukatsuka Lachiwiri, Lachisanu ukatsukirenji? Ambiri anabwerera. Neti inayenda, supuleyi inayenda kwambiri, ndipo supuleyi ili ndi ubwino wakuti imatha. Amene anaigula anadzaigulanso, ndipo palibe amene inamuletsa kubwera.

Mayi Odling sanabwerere. Anayankha foni mosangalala.

"Ayi, Glenys, usadandaule, wandithandiza. Ndapeza kuti ndimatha. Mdzukulu wanga wandigulira kadilaya kam'manja. Ndalama ya marola ndikusunga, chilimwe chino ndikupita kunyanja ndi gulu la kutchalitchi. Ndizibwera kudzadula basi."

"Chabwino. Botololo likatha mudzagule kuno."

"Likatha ndidzagula lotchipa kusitolo."

Panalinso wina amene anachita chimodzimodzi. Mipata yawo inali ya masana. Glenys anaitenga n'kuikamo anthu a dayi, kuyambira ndi Bryony, amene Lachisanu ankaweruka msanga kusukulu. Mutu umodzi wa dayi, ndi botolo lake loyenera, unkaposa mitu iwiri ya marola.

Sabata ya Pasaka Petra anamupeza akutsuka marola pa beseni.

"Ndamuyankha mayi wa ku Grimsby."

"Wati chiyani?"

"Ndamupatsa Lolemba. Mpando wa kukona."

"Kukona kuli mdima."

"Wavomera. Lachisanu lanu silinafike pomwe ndinkafuna, Anti, koma likudzilipirira lokha. Tidzaonanso chaka chikamatha."

"Udzaone."

"Komanso ndaitanitsa maneti ena. A imvi ndi a bulauni."

"Bulauni agula ndani? Onse ndi a imvi. Bweza."

Nthawi yomweyo Mayi Odling anadutsa panja pa zenera ndi basiketi yawo ya kumsika. Anaima, anagogoda galasi, anagwira tsitsi lawo kuonetsa, n'kubayibitsa. Glenys anakweza dzanja lonyowa. Anawayang'ana mpaka atatembenuka.

"Kutsogolo ayesetsa," anatero. "Kumbuyo kwaphwatalala."

"Mukawauze," anatero Petra.

"Sanandifunse."

Anapukuta manja n'kuitana wotsatira.